Tiziphuphu toyabwa tofanana kukula: musathamangire mankhwala a ziphuphu

Nyengo yotentha ikafika, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, achinyamata ambiri amadandaula za tiziphuphu tating'onoting'ono tomwe tatuluka pamsana, pachifuwa, m'mapewa kapena pachipumi m'mphepete mwa tsitsi. Ambiri amakhala kuti ayesa kale sopo wa ziphuphu, kirimu wogula kumsika, mwinanso makapisozi, koma vutolo likungokulirakulira. Nthawi zambiri mankhwalawo salephera chifukwa choti ndi abodza ayi, koma chifukwa akulimbana ndi matenda omwe munthuyo alibe. Pali mtundu wa tiziphuphu womwe umayamba ndi fangasi, ndipo thandizo lake ndi losiyana kotheratu ndi la ziphuphu wamba.

Fangasi wake amatchedwa malaseziya, dzina lochokera kwa katswiri wa ku France, Louis-Charles Malassez, yemwe anamufotokoza m'chaka cha 1874. Kachilomboka kali pakhungu la munthu aliyense, ngakhale wosamba katatu patsiku, choncho kukhala ndi vutoli si umve ndipo simunalitenge kwa mnzanu. Ndi komwenso kamathandizira kubweretsa mfundu m'mutu komanso mawanga oyererako kapena oderako aja omwe amatuluka pachifuwa ndi pamsana. Chinthu chimodzi chofunika kuchidziwa bwino za iko ndi ichi: sikatha kudzipangira mafuta omwe kamafuna kuti kakule, kotero kamadya mafuta omwe kapeza pakhungu. N'chifukwa chake kamakonda malo omwe khungu limatulutsa mafuta ambiri, monga kumsana, pachifuwa, kumaso ndi m'mutu. Kukatentha, thukuta n'kuchuluka, khungu n'kutsekeka ndi zovala kapena zodzola, kamaswana mopyola muyeso n'kudzaza timabowo tomwe timatulukira ubweya. Kabowo kalikonse kamatupa, ndipo ndiko kachiphuphu komwe mukukaona.

Kusiyanitsa kwake kumayamba ndi maso. Vulani malaya pamalo powala, mutenge galasi kapena mupemphe m'bale wanu akuoneni kumsana. Ziphuphu wamba zimakhala zosakanikirana: apa chachikulu chowawa mkati, apo chamafinya, penapo timitu takuda tomwe mukafinya mumatuluka kanthu kolimba, penanso timitu toyera totsekeka. Za fangasi sizitero. Zonse zimakhala pafupifupi msinkhu umodzi, mamilimita 1 mpaka 2, ngati wina wamwaza njere za mawere pakhungu, ndipo kalikonse kamakhala pomwe pali kaubweya. Tina timakhala ndi kansonga ka mafinya, koma timitu takuda tija simutipeza. Kusowa kwa timitu takuda ndi chizindikiro champhamvu kwambiri, ndipo ndimalimbikitsa kuti muchifufuze modekha musanagule chilichonse.

Chachiwiri ndi kuyabwa. Ziphuphu wamba zimawawa mukazikhudza koma siziyabwa kwenikweni. Za fangasi zimayabwa kwa anthu ambiri, ndipo kuyabwako kumakula mukatuluka thukuta, mukakhala padzuwa kapena mukangomaliza kusewera mpira. Mabuku ambiri amati tiziphuphuti timakhala tofiira, koma pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Mumangoona timatuza tofanana ndi khungu kapena toderapo, ndipo mukapitisa dzanja pamamveka pokhakhala. Musadikire kuona kufiira kuti mukhulupirire.

Tsopano tione chifukwa chomwe mankhwala a ziphuphu amakulitsira vutoli, poti apa ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama ndi khungu lomwe. Ziphuphu wamba zimakhudzana ndi bakiteriya, motero nthawi zambiri munthu amapatsidwa maantibayotiki, akumwa monga dokisisaikilini ndi eritiromaisini, kapena opaka monga kilindamaisini. Mankhwalawa amapha bakiteriya koma fangasi samukhudza n'komwe. Pakhungu pathu bakiteriya ndi fangasi amalimbirana malo ndi chakudya, ndiye bakiteriya akachepa kwa milungu kapena miyezi, malaseziya amatsala yekha n'kufalikira mosaletseka. Munthu amene wamwa dokisisaikilini mwezi wathunthu, tiziphuphu n'kumachuluka komanso kuyabwa kuposa kale, aganizire za fangasi msanga m'malo moonjezera makapisozi.

Oopsa kwambiri ndi makirimu okhala ndi siteroidi, monga betametazoni ndi kulobetasolo. Mankhwala amenewa amapezeka m'mafuta ambiri oyeretsa khungu ndiponso m'timachubu tomwe timagulitsidwa ngati tochiza chilichonse cha pakhungu. Amanyenga chifukwa masiku oyamba kuyabwa kumaleka ndipo tiziphuphu timaphwa, munthu n'kumati wapeza mankhwala enieni. Chomwe chachitika n'chakuti siteroidi wafooketsa chitetezo cha khungu pamalopo, ndipo fangasi akukula popanda chomutchinga. Mukangosiya, zimabwerera zochuluka, mukapitiriza, khungu limapyapyala, limachita mizere, ndipo siteroidi yemweyo amabweretsa ziphuphu zakezake. Chenjerani ndi makirimu osakaniza omwe ali ndi mankhwala a fangasi, antibayotiki ndi siteroidi m'chubu chimodzi. Werengani pachikutiro, ndipo mukaona betametazoni kapena kulobetasolo, musapake pa tiziphuphu totere.

Kenako pali zodzola. Munthu akaona khungu lauma chifukwa cha sopo wamphamvu, amathira mafuta a kokonati, a olivi kapena a mtedza poganiza kuti zachilengedwe sizingapweteke. Kwa malaseziya mafuta amenewo ndi chakudya. Mafuta a m'tsitsi nawo amatsika ndi thukuta n'kufika pachipumi ndi kukhosi, n'chifukwa chake atsikana ena amaona tiziphuphu tandanda m'mphepete mwa tsitsi akangoluka kapena kudzola kwambiri. Vaselini si chakudya cha fangasiyu, koma mukamupaka wochindikala nthawi yotentha amatsekera thukuta ndi kutentha pakhungu, zomwenso zimamuthandiza. Kunena chilungamo, si mankhwala onse a ziphuphu omwe amaonjezera vutoli. Benzoilo perokisaidi ndi salisiliki asidi samudyetsa fangasi, kungoti paokha sathetsa matendawa, ndipo akaumitsa khungu amakankhira munthu ku mafuta aja.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 22 amene amayendetsa kabaza wa njinga yakapalasa ku Salima. Tsiku lonse ali m'jezi ya mpira yosamwa thukuta, pamwamba pake kajekete konyezimira, ndipo amasamba usiku akaweruka. Kumsana ndi m'mapewa kwadzaza tiziphuphu tofanana, toyabwa masana. Anagula dokisisaikilini n'kumwa milungu itatu osaona kusintha, kenako mnzake anamupatsa kirimu wosakaniza yemwe anathandiza sabata imodzi, pambuyo pake zinafika mpaka m'mikono. M'mutu ali ndi mfundu. Kumaso alibe timitu takuda. Zonsezi zikuloza ku fangasi.

Choyamba asiye kirimu uja ndi makapisozi omwe anadzigulira yekha. Akanakhala kuti anapatsidwa ndi dokotala pa matenda ena, akanayenera kubwerera kukafunsa asanasiye. Adziwenso kuti akasiya siteroidi khungu likhoza kuyabwa kwambiri kwa masiku angapo, ndipo zimenezo sizikutanthauza kuti walakwitsa. Chachiwiri agule ku famase shampu wa ketokonazolo wa 2 peresenti, kapena wa seleniyamu salufaidi. Ngakhale botolo linalembedwa kuti ndi wa m'mutu, amagwira ntchito pathupi. Anyowetse khungu, apake thovu kumsana konse, m'mapewa, pachifuwa ndi m'mutu momwe, kenako adikire mphindi 5 mpaka 10 asanatsukuluze. Kudikiraku ndiye mankhwala ake. Anthu ambiri amapaka n'kuthira madzi nthawi yomweyo ngati sopo wamba, kenako n'kumati shampuyo ndi wosathandiza. Achite zimenezi tsiku lililonse kwa milungu iwiri, ndipo khungu likayamba kuuma kapena kunyeka achepetse n'kumadumphitsa tsiku. Pamalo pomwe pachuluka angathe kuonjezera kirimu wa kulotirimazolo kapena ketokonazolo wopanda chosakaniza china, kawiri patsiku kwa milungu iwiri kufikira inayi.

Ntchito sangaisiye, koma akhoza kusintha zing'onozing'ono. Avale malaya a thonje mkati, anyamule ena osinthira masana akanyowa, ndipo asagone ndi thukuta la tsiku lonse. Mafuta odzola kumsana asiye kaye. Asafinye kapena kukanda ndi chinkhupule cholimba, chifukwa pakhungu lathu kachiphuphu kalikonse kovulazidwa kamasiya banga lakuda lomwe limatenga miyezi kuti lizimiririke.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Kuyabwa ndiko kumayamba kuchepa, kawirikawiri m'sabata yoyamba kapena yachiwiri, kenako khungu limayamba kusalala mukalikhudza. Mabanga akuda amatsalira, ndipo amenewo si matenda, choncho musabwerere ku mafuta oyeretsa pofuna kuwachotsa. Popeza fangasiyu ndi wokhala pakhungu, vutoli limakonda kubwerera. Kusamba ndi shampu uja kamodzi kapena kawiri pa sabata, makamaka miyezi yotentha, kumathandiza kuti lisayambirenso.

Ikatha milungu inayi popanda kusintha, pitani kuchipatala. Fangasi amakhala mkati mwa kabowo ka ubweya, ndipo nthawi zina zopaka sizifikako bwino. Dokotala akhoza kupala kachiphuphu n'kukayang'ana pa maikulosikopu, ndiponso akhoza kulemba mapiritsi monga fulukonazolo kapena itirakonazolo. Amenewa musadzigulire nokha. Amadutsa m'chiwindi, sayenera kwa mayi woyembekezera, ndipo amasokonezana ndi mankhwala ena, kuphatikizapo rifampisini wa chifuwa chachikulu ndi ma ARV ena. Mapiritsi a ketokonazolo anasiya kulimbikitsidwa pa matenda a pakhungu m'mayiko ambiri kuyambira mu 2013 chifukwa choononga chiwindi, ngakhale shampu ndi kirimu wake alibe vuto limenelo. Girisiyofuluvini, yemwe ambiri amamudziwa pa chipere cha ana, sagwira ntchito pa malaseziya.

Kupita kuchipatala kumathandizanso chifukwa pali matenda ena ofanana nawo. Ngati kuyabwa kumakula usiku, kuli pakati pa zala, m'chiuno kapena kumaliseche, ndipo ena m'nyumba akukandanso, ganizirani za mphere. Nsungu zobwera ndi kutentha zimatha zokha m'masiku ochepa munthu akakhala pozizira. Achinyamata ena amakhala ndi mitundu iwiri nthawi imodzi, ziphuphu wamba kumaso ndi za fangasi pachipumi kapena kumsana, ndipo aliyense mwa matendawa amafuna mankhwala ake. Tiziphuphu toyabwa tikafalikira thupi lonse, tikamabwererabwerera mwamphamvu, kapena tikabwera pamodzi ndi kuonda, ludzu losatha kapena zoyera m'kamwa, pemphani kuti akuyezeni shuga ndi HIV, chifukwa chitetezo cha thupi chikatsika khungu limayamba kuonetsa msanga. Popita, nyamulani machubu ndi mapaketi a zonse zomwe mwakhala mukupaka ndi kumwa kuti dokotala aziwerenge yekha.