Momwe mungalalikire uthenga umodzi kwa ana, achinyamata ndi agogo nthawi imodzi

Mwaima paguwa ndipo muli ndi mphindi 25. Kutsogolo kuli ana akugwedeza timiyendo, chakumbuyo achinyamata akhala pafupi ndi khomo, pakatipo gogo wina wagwirira dzanja kukhutu kuti mawu asamudutse. Ambirife timathamangira kugawa ulaliki patatu: gawo la ana, la achinyamata, kenako la akuluakulu. Ine ndinachitapo zimenezi kwa nthawi ndithu, ndipo zotsatira zake zinali zakuti aliyense ankamvetsera gawo lake lokha. Ndikangoti "tsopano ndilankhule ndi ana", akuluakulu ankayamba kuyang'ana pawindo. Njira imene ndikufotokoza pano ndi ya uthenga umodzi wosagawa, koma wokhala ndi zitseko zitatu zolowera. Tiyese ndi 1 Samueli 3:1-10.

Choyamba, sankhani ndime yokhala ndi nkhani. Mpingo ukasakanikirana chonchi, nkhani yokhala ndi anthu, malo ndi zochitika imagwira aliyense kuposa chiphunzitso chofuna kutanthauzira mawu ambiri. Ndime ya Samueli ili ndi mwayi wina: muli mwana, muli nkhalamba, ndipo onse awiri ali ndi mbali yawo. Ndi usiku ku Silo, nyale ya Mulungu isanazime. Maso a Eli achita chidima, ndipo Samueli wagona pafupi ndi Likasa.

Kenako lembani uthenga wonse m'chiganizo chimodzi, chachifupi moti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri n'kuchibwereza. Changa chingakhale ichi: "Mulungu amaitana, ndipo timathandizana kumumva." Chiganizocho chikakuvutani kulemba, musapitirire, ulalikiwo sunapse. Mudzachinena kanayi kapena kasanu, mawu omwewo osasintha, chifukwa kubwerezako kumathandiza mwana amene maganizo ake anathawa komanso gogo amene sanamve bwino koyamba.

Mukayamba kulalikira, yambani ndi ana, poti ndiwo amatopa msanga. Koma musawauze kuti ili ndi gawo lawo. Ingowapatsani ntchito musanawerenge ndime: "Werengani ndi zala zanu, Samueli anathamangira kwa Eli kangati?" Kenako simbani nkhaniyo ndi thupi lonse. Itanani chapansipansi, "Samueli!", yendani mapazi atatu, mubwerere. Mukafunsa yankho, tizala titatu tidzakwera m'mwamba, ndipo mudzaona kuti akuluakulu nawonso amawerenga nawo chamumtima. Apa pasathe mphindi zoposa zisanu ndi ziwiri. Musanachoke, asiyireni ntchito ina yowasunga mpaka kumapeto: nthawi iliyonse mukanena kuti "Mulungu amaitana", iwo ayankhe kuti "Lankhulani, ndikumva."

Chitseko cha achinyamata ndicho chovuta, ndipo n'chimene alaliki timachiphonya kawirikawiri. Timawapatsa mndandanda wa machenjezo, kapena timayesa kulankhula chinenero chawo cham'misewu, iwo n'kumangoyang'anizana. Wachinyamata amatchera khutu akamva funso limene wakhala akulibisa likunenedwa poyera popanda womunyoza. M'ndime yathu funsolo lili pa vesi 7: Samueli ankatumikira m'nyumba ya Yehova, koma anali asanamudziwe Yehovayo. Imani pamenepo, mutsitse mawu. Nenani kuti n'zotheka kuimba kwaya zaka zisanu, kudziwa nthawi yoimirira ndi yogwada, koma mumtima n'kumafunsa ngati Mulunguyo analankhulapo nawe. Onetsani kuti Mulungu sanadikire kuti Samueli amudziwe kaye asanamuitane, ndipo sanaleke pamene mnyamatayo analakwitsa katatu konse. Musaloze munthu, musawaimiritse, ndipo musagwiritse ntchito nkhani imene wina anakuuzani mwachinsinsi, ngakhale mutabisa dzina. Anzake amazindikira, ndipo sadzakuuzaninso kanthu.

Kwa okalamba pali zinthu ziwiri, zonena ndi kanenedwe kake. Zonenazo zili pa vesi 8, pamene Eli anazindikira kuti ndi Yehova akuitana mwanayo. Munthu amene maso ake anali atafooka ndiye anadziwa chimene chikuchitika. Mulungu sanaitane Eli usiku umenewo, komabe popanda Eli, Samueli akanangothamangathamanga mpaka mbandakucha. Ambiri mwa agogo athu amabwera kutchalitchi akudzimva ngati ntchito yawo inatha, ndipo ndimamva chisoni ndikaona kuti maulaliki athu amangowakumbutsa za imfa ndi matenda. Auzeni kuti ali ndi mawu oti aphunzitse mdzukulu, monga Eli anaphunzitsira Samueli choyankha.

Kanenedwe nako n'kofunika. Makutu akamakalamba, amayamba kutaya mawu opyapyala, ndiye kukuwa sikuthandiza, kumangosokoneza mawuwo. Lankhulani mosathamanga, malizani chiganizo osameza mapeto ake, ndipo musaphimbe pakamwa ndi Baibulo kapena chimkuzamawu, chifukwa ena amamva poyang'ana milomo. Mukatchula vesi, litchuleni kawiri n'kudikira pang'ono kuti alipeze. Mwana akayankha funso ndi timawu take, bwerezani yankholo mokweza kuti a kumbuyo amve.

Pali msampha umodzi m'chaputala chimenechi umene muyenera kuuganizira muli kunyumba. Kuyambira vesi 11, uthenga umene Samueli analandira ndi chiweruzo pa banja la Eli chifukwa cha zoipa za ana ake, Hofeni ndi Finehasi, zimene bambo wawo sanaziletse. Mumpingo muli makolo okalamba amene ana awo analowerera, ndipo akhala akudziimba mlandu kwa zaka zambiri. Mukangoponya mavesi amenewa m'mphindi imodzi, iwo adzatuluka ndi bala, ana ang'ono adzatuluka ndi mantha. Ine ndimaima pa vesi 10, n'kuuza mpingo mosabisa kuti nkhaniyi ikupitirira ndi mawu olemera amene tidzawaphunzira tsiku lina tili ndi nthawi yokwanira. Kumeneko si kubisa Malemba, koma kukana kutsegula chilonda chimene simungachimange m'mphindi zotsalazo.

Mphindi zinayi zomaliza zikhale zobweretsa onse pamodzi. Bwererani ku chithunzi cha mwana ataima pambali pa nkhalamba usiku, nenani chiganizo chanu chija, ana ayankhe, kenako pemphani mpingo wonse uyankhe nawo. Perekani chochita chimodzi chofuna anthu awiri a misinkhu yosiyana: sabata ino wamng'ono afunse wamkulu wina mmene anayambira kupemphera, ndipo wamkuluyo ayankhe mosalalikira.

Muli paguwa pomwepo mukhoza kudziwa ngati mwataya gulu lina. Ana akayamba kupempha kutuluka motsatizana, mwakhala nthawi yaitali osabwerera kunkhani, ndiye ponyani mawu awo aja oyankha. Mitu ya achinyamata ikawerama, kawirikawiri ndiye kuti mwayamba kuwadzudzula. Gogo akatembenukira kwa mnzake kufunsa, mwathamanga.

Mapemphero akatha, musakhutire ndi "mwalalika bwino abusa" wa pakhomo. Pezani mwana mmodzi, wachinyamata mmodzi ndi gogo mmodzi, aliyense payekha, muwafunse kuti amva chiyani lero. Mwana mwina adzakuuzani za kuthamanga katatu, wachinyamata za vesi 7, gogo za Eli, ndipo zimenezo zili bwino malinga ngati onse akufika pa kuitana kwa Mulungu ndi kuthandizana kumumva. Wina akangokumbukira nthabwala yanu yokha, lembani pa pepala la ulalikiwo pamene munamutaya, mudzayambire pomwepo pokonza wa sabata yamawa.