Kuzindikira ng'ombe yodwala mbandakucha

"Agogo, ng'ombe yodwala mumaidziwa bwanji kusanache?"

Mkuluyo anakweza nyali pakhomo la khola. "Choyamba, mdzukulu wanga, ima phee umvetsere, pakuti ng'ombe yamoyo ikagona imabzikula, ndipo yomwe yaleka kubzikula ndiyo uyambe kuikayikira. Kenaka uzidzutse zonse, uone yotsalira pansi kapena yoima payokha itazolika mutu."

Mnyamatayo analoza thadzi lofiira.

"Tsopano gwira mphuno yake. Ikakhala youma, kukamwa kuli kotentha, ndiye kuti thupi latentha. Papasanso pansi pa khutu ndi kutsogolo kwa phewa, chifukwa mwanabere wotupa pamenepo kawirikawiri amaloza matenda a nkhupakupa. Imeneyi isapite kubusa lero, uipatse madzi pamthunzi, ine ndikaitane alangizi a ziweto."