Mukasukuluza mankhwala, werengani mamolo kawiri

Kuno ku Salima dzuwa likaswa mtengo, aliyense amadziwa kusukuluza Sobo. Mumathira pang'ono m'kapu, n'kuwonjezera madzi mpaka kukoma kwake kufike pomwe mukufuna. Koma taganizani: shuga amene anali m'kapu muja musanathire madzi, wapita kuti? Sanapite kulikonse. Ali momwemo, wangomwazikana m'madzi ambiri. Ophunzira a kemisitiri a Fomu 3 ndi Fomu 4, mfundo imeneyi ndi yokwanira kukuuzani ngati yankho lanu lili lolondola musanapereke pepala kwa aphunzitsi.

M'kemisitiri, kuchuluka kwa mankhwala osungunuka timakuwerenga m'mamolo. Kuti mupeze mamolo, mumachulukitsa mphamvu ya msakanizo ndi voliyumu yake: n = C × V. Madzi othirawo amakweza voliyumu ndi kutsitsa mphamvu, koma mamolo sawakhudza. Kumeneko n'komwe kumachokera C₁V₁ = C₂V₂, imene ambiri amangoiloweza ngati nyimbo.

Tiyeni tigwire funso limodzi. Mu labu muli botolo la NaOH la mphamvu ya 2 mol/dm³, ndipo mwauzidwa kukonza 250 cm³ ya 0.5 mol/dm³. Mutunge wochuluka bwanji m'botolomo? Mukachulukitsa 0.5 ndi 250, n'kugawa ndi 2, mupeza 62.5 cm³.

Musathamangire funso lina. Siyani kaye fomula ija pambali, muwerenge mamolo a mbali iliyonse payokha. Poyamba sandutsani voliyumu kukhala dm³ poigawa ndi 1000, chifukwa mphamvuyo yalembedwa pa dm³ imodzi, imene ndi lita imodzi. Zimene mwatunga m'botolo ndi 0.0625 dm³, ndipo 2 × 0.0625 ikupereka mamolo 0.125. Zimene mwakonza ndi 0.25 dm³, ndipo 0.5 × 0.25 ikuperekanso mamolo 0.125. Mbali ziwirizi zagwirizana, choncho masamu anu ali bwino.

Nanga zikalakwika zimaoneka bwanji? Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutembenuza manambala. Wophunzira amachulukitsa 250 ndi 2, n'kugawa ndi 0.5, ndipo amapeza 1000 cm³. Nambala yooneka bwino, yopanda kadontho, mtima n'kukhala m'malo. Koma ikani yankholi pa muyeso uja. Lita yathunthu ya 2 mol/dm³ ili ndi mamolo 2, pamene funso likufuna mamolo 0.125 okha. Mamolo enawo alowera kuti? Madzi sameza mankhwala. Ndiponso mungatunge bwanji lita yonse n'kuiwonjezera madzi, pamapeto n'kutsala ndi kota ya lita? Posukuluza, zotungazo ziyenera kuchepa kuyerekeza ndi zomwe mukukonza, nthawi zonse.

Msampha wina uli m'mawu a funso, ndipo uwu umakola ngakhale anzeru a m'kalasi. V₂ ndi voliyumu ya msakanizo wonse pamapeto, si madzi amene mwathira. Mukatunga 62.5 cm³ ija n'kuthiramo madzi okwana 250 cm³, zonse pamodzi zifika pafupifupi 312.5 cm³. Mamolo akadali 0.125, koma mukawagawa ndi 0.3125 dm³ mupeza 0.4 mol/dm³, osati 0.5. Mwasukuluza mopyola. N'chifukwa chake mu labu timathira zotungazo m'botolo loyezera lija la khosi lalitali, n'kumawonjezera madzi pang'onopang'ono mpaka afike pa mzere wa 250 cm³, diso lili molingana ndi mzerewo. Funso likafunsa madzi oti muwonjezere, chotsani 62.5 pa 250, mutsale ndi 187.5 cm³. Ndiye potsimikiza, musaike 187.5 mu fomula. Iphatikizeni kaye ndi 62.5, muone ngati ikubwezerani 250.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira ntchito pamene mwathira madzi okhaokha, ndipo palibe chimene chatayika kapena kusanduka chinthu china. Mukathira asidi mu NaOH, nkhani yasintha, chifukwa awiriwa amadyana n'kupanga mchere ndi madzi. Pamenepo muyenera kulemba ikweshoni kaye. Mwachitsanzo, molo imodzi ya H₂SO₄ imafuna mamolo awiri a NaOH, choncho mukakakamiza kuti mamolo a mbali ziwirizo afanane, mudzitsimikizira yankho lolakwika. Komanso ngati munakopera molakwika nambala ya m'funso, tinene 0.05 m'malo mwa 0.5, mbali zonse ziwiri zigwirizana bwinobwino pa bodza lomwelo. Potsimikiza, tengani manambala pa pepala la mafunso lenilenilo, osati pa zimene mwalemba kale m'kope.

Tsiku limene mudzasukuluze asidi wamphamvu ndi manja anu, kawerengedwe ka mamolo n'komweka, koma kathiridwe n'kosiyana. Yambani mwaika madzi m'bika, kenako muzithira asidiyo pang'onopang'ono mukutakasa. Mukathira madzi pa asidi, makamaka H₂SO₄, kutentha kumabuka nthawi imodzi ndipo asidiyo angakuthovukireni kumaso.