Polemba "licence" ndi "practice": c aikidwe pati, s aikidwe pati?

Inu amene mumalemba makalata ofunsira ntchito kapena mukukonzekera mayeso a Chingerezi, samalani ndi mawu awiri awa. M'kalembedwe ka ku Britain, kamene sukulu za m'Malawi ndi Zambia zimatsata, liwu lililonse mwa awiriwa limalembedwa pawiri. Likakhala dzina limatenga c: "licence", "practice". Likakhala mneni limatenga s: "license", "practise". Khutu silingakuthandizeni, chifukwa katchulidwe kake n'kamodzi.

Njira yoyezera imene ndimaikhulupirira ndi yobwereka mawu akuti "advice" ndi "advise". Awiriwa amatsata lamulo lomweli, koma amamveka mosiyana: dzina limathera ndi kaliwu ka s, pomwe mneni amathera ndi ka z. Mukakayika, chotsani liwu lokuvutanilo, ikanipo limodzi mwa awiriwa, ndipo werengani mokweza. Tanthauzo lisakudetseni nkhawa, mungomvera ngati chiganizo chaima. Pakakhala bwino "advice" lembani c, pakakhala bwino "advise" lembani s.

Tiyese ndi kalata ya namwino amene akufunsira ntchito yofunanso kuyendetsa galimoto. Iye walemba kuti: "I hold a licence to practise and a clean driving licence." Liwu loyamba ndi chikalata chimene ali nacho m'manja, ndiye ndi dzina. Mukayesa, "I hold advice" chikuima, pomwe "I hold advise" sichikuima, choncho c ali pamalo pake. Lachiwiri ndi ntchito imene waloledwa kuchita, ndipo "to advise" chikumveka bwino, ndiye s. Laisensi ya galimoto ija ndi dzinanso. Akapitiriza kuti "I have five years of clinical practice", abwerera ku c, popeza apa akutchula luso lake ngati chinthu. Koma akati "I have practised for five years", ndi s.

Ambiri amagwa pa mawu okhala ndi mchira. Mchira wa -ed kapena -ing umamera pa mneni, choncho timalemba "licensed", "licensing", "practised" ndi "practising", onse ndi s, ngakhale akhale patsogolo pa dzina. Namwino wathu ndi "a practising nurse", ndipo malo ololedwa kugulitsa mowa ndi "licensed premises". Onani ku Britain komweko: bungwe lopereka malaisensi a galimoto limatchedwa Driver and Vehicle Licensing Agency, koma chikalata chimene limapereka ndi "driving licence". Chimodzimodzi, ofesi ya TV Licensing imatolera ndalama za "TV licence". N'chifukwa chake sindikonda malangizo akuti mukaona "a" kapena "the" patsogolo mulembe c. Amakutayani pa "the licensing board". Koma dzina lopanda mchira likamafotokoza dzina linzake limasunga c, monga "licence fee" ndi "practice test".

Liwu lakuti "to" nalo limapusitsa. Wosewera mpira akati "I am going to practise penalties", akunena zimene akachite, ndiye ndi mneni. Akati "I was late getting to practice", akunena nthawi yokonzekera masewera imene anachedwako, ndiye ndi dzina.

Chisokonezo chachikulu chimachokera ku America, kumene kalembedwe kanayenda njira yakeyake, makamaka kutsatira dikishonale ya Noah Webster ya mu 1828. Iwo amalemba "license" ndi s pa dzina ndi mneni yemwe, ndiponso "practice" ndi c ponseponse. Onani kuti sanasankhe chilembo chimodzi pa mawu onse awiri, ndiye munthu wozolowera zowerenga za pafoni amasakaniza mosadziwa. Kalembedwe kawo si kolakwa. Ngati mukulembera sukulu ya ku America, tsatani kawo, bola musasinthesinthe m'kalata imodzi.

Kompyuta musaidalire kwambiri. Pulogalamu ya Word ikakhala pa English (United States) imatha kuika mzere wofiira pansi pa "licence" ndi "practise" ngakhale mwalemba bwino, inu n'kusintha chabwino kukhala cholakwa. Isintheni ikhale pa English (United Kingdom). Ngakhale mutatero, mawu onse anayi ndi ovomerezeka m'dikishonale yake, choncho kawirikawiri sikuuzani mukaika dzina pamalo pa mneni. Musanatumize kalata, dinani Ctrl+F, lembani "licen", kenaka "practi", ndipo paliponse pamene zapezeka muyese ndi "advice" ndi "advise".