Batire ya njinga yamoto ikamangotha m'tauni, yezani kaye musanagule ina

Mukamayenda timaulendo tifupitifupi, kuchoka kunyumba kupita kumsika, kuzimitsa, kulizanso, sitata imadya moto wambiri pa kuliza kulikonse. Injini ikamayenda pang'onopang'ono pamzere wa magalimoto, nyali ili chiyakire, moto wobwerera m'batire umakhala wochepa. Ndiye batire imafooka tsiku ndi tsiku mpaka m'mawa wina sitata ingoti kete.

Bwerekani mita yoyezera magetsi, muyiike pa DC 20V, chingwe chofiira pa + ya batire, chakuda pa -. Yezani njinga itagona usiku wonse: batire yabwino ya 12V imaonetsa pafupifupi 12.6, ndipo ikatsika kufika 12.2 ndiye kuti yatha theka. Kenaka lizani injini, muwonjezere moto pang'ono, nyali itayaka. Mita iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Apa mpamene pagona nkhani. Ikakhalabe pa 12 ndi kanthu, njingayo sikutchaja, ndipo batire yatsopano idzatha chimodzimodzi, ndalama n'kupita pachabe. Yambani ndi zosavuta: mitu ya batire yomasuka kapena yochita zoyerayera, fyuzi, ndi pulagi yopita ku legyuleta, kachipangizo kowongolera moto wopita ku batire; pulagiyi imakonda kupsa n'kuda. Zonsezi zikakhala bwino, makaniko ayeze koyilo yopanga magetsi ndi legyuleta. Mita ikadutsa 15, legyuleta yafa ndipo ikuwiritsa batire. Mababu amapsanso pafupipafupi.

Ngati njingayo ikutchaja bwino, tchajani batireyo pa tchaja ya moto wochepa, pafupifupi 1A, ndipo sabata iliyonse muziyendako mphindi 30 osazimitsa.