Matope ofiira pa nsapato zansalu

Matope a mumsewu wa ku Ulongwe, ku Angonia, anapaka nsapato zanga zansalu zabuluu mpaka m'zingwe. Sindinazichape zili zonyowa, chifukwa matope aawisi amangolowerera mu ulusi. Ndinadikira aume, kenako ndinaziombanitsa n'kuchotsa otsala ndi mswachi wakale.

Ndinachotsa zingwe, n'kutsuka nsalu ndi madzi ozizira ndi sopo wamtanda. Madzi otentha ayi: amafewetsa guluu, soli n'kuyamba kuyasama kumphuno. Sopo ndinamutsukuluza mpaka thovu litatha, poti wotsalira amasiya mizere yachikasu.

Poyanika ndinatsendera mapepala oyera m'kati kuti zisapindike (nyuzipepala imasiya inki), n'kuziika pakhonde pamthunzi podutsa mphepo, mapepala ndikusintha akanyowa. Padenga lamalata kapena pambali pa mbaula soli imakhota, mtundu n'kufwifwa.