Mtima ukamathamanga m'mawa, miyendo n'kumalemera: kuzindikira kuti pulakatisi yapyola muyeso

Wothamanga akaona kuti liwiro lake latsika, ganizo limene limabwera msanga ndi loti awonjezere pulakatisi. Mphunzitsi wake nayenso kawirikawiri amaganiza chimodzimodzi. Nthawi zina amakhala akulondola, koma nthawi zina liwirolo limatsika chifukwa pulakatisi yomweyo yachuluka kuposa imene thupi lingakwanitse, ndipo kuiwonjezera kumangokulitsa vuto. Mphamvu sizibwera pa nthawi imene munthu akuthamanga kapena kunyamula zitsulo. Pa nthawiyo minofu imatopa ndi kung'ambika pang'onopang'ono, ndipo imadzikonza n'kulimba munthu akamapuma, akamadya ndi kugona. Mpata wopumawo ukamachepa sabata ndi sabata, thupi limayamba kubwerera m'mbuyo.

Pali zizindikiro zitatu zimene aliyense angathe kuzilondola yekha popanda makina: kugunda kwa mtima m'mawa, kulemera kwa miyendo, ndi mmene munthu akumvera mumtima mwake. Chizindikiro chimodzi pachokha sichinena zambiri. Zikakumana zonse zitatu kwa masiku angapo otsatizana, pamenepo m'pofunika kuchitapo kanthu.

Tiyambe ndi mtima. Muyeze mukangodzuka, musanatsike pabedi, musanamwe chilichonse komanso musanayambe kuona za pafoni. Gonani chagada kwa mphindi ziwiri, kenako ikani zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, pamene mtsempha umamveka kugunda. Musagwiritse ntchito chala chachikulu chifukwa nachonso chili ndi kugunda kwake ndipo chingakusokonezeni. Werengani kwa mphindi yathunthu. Ena amawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, koma mukaphonya kugunda kumodzi kokha ndiye kuti mwalakwitsa ndi 4, pamene kusintha kumene tikufufuza n'kwa 5 mpaka 10 basi. Amene ali ndi wotchi yoyeza mtima angaigwiritse ntchito, bola aziyeza pa nthawi imodzimodzi ndiponso atagona mofanana tsiku lililonse.

Nambala imene mwapezayo ilembeni m'kope. Palibe nambala imodzi yoyenera aliyense. Munthu wamkulu wamba mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pamphindi akakhala phee, pamene othamanga mitunda italiitali ambiri umagunda pakati pa 40 ndi 60. Choncho 58 ingakhale yabwinobwino kwa wina koma yokwera kwa mnzake. Chofunika n'kudziwa nambala yanuyanu, ndipo imapezeka poyeza kwa masabata awiri pa nthawi imene muli bwino ndipo pulakatisi ndi yapakatikati. Amene amayamba kuyeza tsiku limene wamva kale kutopa alibe poyerekezera, ndipo m'pamene ambiri amalakwitsa.

Pulakatisi ikapyola muyeso, mtima umathamanga m'mawa kuposa masiku onse chifukwa thupi limene silinamalize kudzikonza limakhalabe tcheru usiku wonse. Mitsempha imene imafulumizitsa mtima pa nthawi ya ntchito siikhazikika, ndipo imene imaukhazika pansi pa nthawi yopuma imagonja. Komabe si kutopa kokha kumene kumakweza nambalayi. Kugona mochedwa, mowa wadzulo, kutentha kwa usiku, kuchepa kwa madzi m'thupi ndi nkhawa zonse zimaikweza. Kutentha thupi kumaikweza kwambiri, pafupifupi ndi 10 pa digiri iliyonse imene thupi latentherapo. N'chifukwa chake tsiku limodzi lokha silikwanira kugamula. Chodetsa nkhawa ndi nambala imene yakwera ndi 5 mpaka 10 n'kukhala pomwepo masiku atatu kapena kuposerapo popanda chifukwa china chooneka.

Za miyendo, siyanitsani kuwawa ndi kulemera. Kuwawa kwa minofu pambuyo pa pulakatisi yolimba kumafika pachimake pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu, kumakhala pamalo amene mungawaloze ndi chala, ndipo kumachepa thupi likatenthedwa. Kulemera kumene tikunena pano n'kwina. Miyendo simawawa kwenikweni, imangokhala yopanda moyo. Mumathamanga mphindi 15 kapena 20 mukudikira kuti imasuke, koma osamasuka. Kachitunda kamene mumakakwera mukucheza ndi mnzanu mwayamba kukakwera mukuwefuka. Mbali ina ya vutoli ndi yoti shuga amene minofu imasunga kuti izigwiritsa ntchito watha, ndipo kuti abwerere pamafunika tsiku limodzi kapena awiri munthu akudya mokwanira zakudya zopatsa mphamvu. Amene amachita pulakatisi yolimba tsiku ndi tsiku kwinaku akudya mopereŵera sapereka mpata umenewu.

Chizindikiro chachitatu ndi chimene anthu amachinyozera, chonsecho ndi chimene chimaoneka msanga. Mu 1987 William Morgan ndi anzake a ku yunivesite ya Wisconsin anasindikiza zimene anapeza atalondola osambira kwa zaka zambiri: pulakatisi ikamachuluka, kutopa, kukwiya ndi kukhumudwa zinkachulukanso, ndipo ikachepetsedwa zinkatsika. Munthu amene ankakonda masewera ake amayamba kudzikoka popita kubwalo. Amapsa mtima ndi tinthu tating'ono, chakudya sichimukomera, ndipo ngakhale watopa chotani tulo timamuthawa kapena amadzidzimukadzidzimuka usiku. Mwiniwake sazindikira msanga, amene amaona ndi a m'nyumba mwake ndi anzake a patimu. Aphunzitsi ambiri amazitcha ulesi, koma ulesi subwera mwadzidzidzi mwa munthu amene wakhala akulimbikira miyezi yonseyi. M'kope lija, pafupi ndi nambala ya mtima, muzidzipatsa malikisi kuyambira 1, zikaipiratu, mpaka 5, zikakhala bwino kwambiri, pa miyendo, pa tulo ndi pa chilakolako chopita ku pulakatisi.

Tiyerekeze ndi wothamanga amene akukonzekera mpikisano wa makilomita 21. Mtima wake m'mawa umagunda 52, nthawi zina 51 kapena 53. Wakhala akuthamanga makilomita 50 pasabata, koma poona kuti mpikisano wayandikira wakweza kufika 75 m'masabata awiri okha, n'kuwonjezeranso tsiku lachitatu la liwiro. Lolemba la sabata yachitatu wapeza 54, ndipo palibe chodandaulitsa. Lachiwiri wapeza 58, koma anagona mochedwa, ndiye tingamukhululukire. Lachitatu wagona nthawi yabwino koma wapeza 60, malikisi a miyendo atsika kuchoka pa 4 kufika pa 2, ndipo mtunda wa makilomita 8 umene amautha m'mphindi 40 wamutengera 43 akumva ngati wathamanga mwamphamvu. Lachinayi wapeza 61, ndipo wakangana ndi mnzake pa nkhani yopanda pake. Apa zonse zitatu zakumana.

Choyamba ayeze kutentha kwa thupi ndi kudzifunsa ngati pakhosi pakuwawa kapena m'thupi mukuphwanya, chifukwa matenda akamayamba amaoneka chimodzimodzi. Ngati thupi latentha, asathamange n'komwe ndipo apite kuchipatala, popeza kuchita masewera olimba thupi likutentha kungathe kuvulaza mnofu wa mtima. Ngati silinatenthe, apume kotheratu masiku awiri kapena atatu, adye mokwanira, amwe madzi, ndipo agone maola 8 kapena kuposa. Kuyenda pang'ono palibe vuto, koma asasinthanitse kuthamanga ndi kupalasa njinga mwamphamvu n'kumati wapuma. Apitirize kuyeza. Nambala ikabwerera pa 52 kapena 53 kwa masiku awiri otsatizana, miyendo n'kupepuka, ayambirenso ndi pafupifupi theka la mtunda wake wakale, makilomita 25 kapena 30 sabata imeneyo, mothamanga pang'onopang'ono moti angathe kulankhula. Za liwiro zibwere sabata yotsatira, kamodzi kokha.

Wothamanga wathuyu wazigwira msanga, ndipo kutopa kotere kumatha m'masiku ochepa kapena masabata awiri. Nthawi zambiri munthu amabwerako ali wamphamvu kuposa kale. Akadaumirira, kuchira kukadatenga masabata ambiri mwinanso miyezi, ndipo amene afika pa kutopa kozama kwenikweni amatha kutaya chaka chonse cha masewera. Paja amati kuthamanga si kufika. Masiku atatu amene ankaopa kuwataya sachotsa mphamvu zimene thupi lamanga kwa miyezi.

Pali msampha wina umene muyenera kuudziwa. Kutopa kukazama, makamaka mwa othamanga ndi opalasa njinga mitunda italiitali, kugunda kwa m'mawa kumatha kubwerera mwakale kapena kutsika kumene. Munthu amasangalala poganiza kuti walimba, chonsecho miyendo ikulemerabe ndipo liwiro likutsikirabe. Chimene chimaulula n'chakuti pa pulakatisi yolimba mtima umakana kukwera: pamene unkafika 180 ukungothera pa 168 ngakhale munthu akudzikakamiza. Nambala yotsika ndi nkhani yabwino pokhapokha ngati liwiro nalo likukwera ndipo munthu ali wosangalala. Zikamatsutsana, khulupirirani miyendo ndi mmene mukumvera kusiyana ndi wotchi.

Ngati mwapuma masabata awiri koma palibe kusintha, musapitirize kungoganiza kuti ndi pulakatisi. Palibe kuyeza kumodzi kumene kumatsimikiza kuti munthu wapyola muyeso, ndiye madokotala amayamba ndi kufufuza matenda ena ofanana nako: kuchepa kwa magazi kapena kwa ayironi, matenda a chithokomiro, shuga, matenda oyamba ndi tizilombo amene akubisala, komanso matenda a kukhumudwa. Pitani ndi kope lanu, chifukwa limaonetsa tsiku limene zinthu zinayamba kusintha. Musadikire masabata awiriwo ngati mukumva kuwawa pachifuwa, mtima ukugunda modumphadumpha, mwakomoka kapena mukubanika mutangokhala. Kuonda kosafuna ndi chimfine chobwerezabwereza n'zoyeneranso kuuza dokotala. Kwa amayi ndi atsikana, msambo ukasiya kwa miyezi itatu popanda mimba, nthawi zambiri ndiye kuti chakudya chikuchepa poyerekeza ndi ntchito imene thupi likugwira, ndipo zikapitirira mafupa amafooka mpaka kumang'aluka pothamanga.

Aphunzitsi amene akuyang'anira timu yonse asayerekeze nambala za osewera awiri, ndipo asamalange amene waulula kuti watopa, chifukwa mawa lake onse adzalemba manambala abodza. Pokonza ndondomeko, masiku olimba asatsatizane, pasabata pakhale tsiku limodzi lopumiratu, ndipo pambuyo pa masabata atatu okweza pulakatisi pabwere sabata imodzi yopepuka. Kumbukiraninso kuti thupi limaphatikiza zotopetsa zonse pamodzi. Wosewera amene akulemba mayeso, amene akugwira ntchito usiku kapena amene kwawo kuli matenda angathe kupyola muyeso ndi pulakatisi imene anzake akuikwanitsa bwinobwino, ndiye ameneyo m'chepetsereni ngakhale ndondomeko ikunena zina.